Madigiri Asanu ndi Maminiti Khumi

Mwana wanga anatsala pang'ono kukana mwamuna chifukwa cha theka la digiri, ndipo amene anamuphunzitsa zimenezo ndine.

Ndiyambe ndi ntchito yanga, chifukwa anthu akamva kuti ndimapenda nyenyezi amaganiza kuti ndimavala mikanda n'kumabwebweta. Ayi ndithu. Ndili ndi kachipinda pamwamba pa sitolo ya zitsulo, moyandikana ndi telala amene makina ake sapuma. M'kachipindamo muli tebulo, mipando itatu, kabati ya mapepala, kompyuta yotopa, ndi mabuku a malemu bambo anga a manambala okhaokha, osonyeza pamene dzuwa, mwezi ndi mapulaneti zinali tsiku lililonse. Munthu amandipatsa tsiku, ola ndi malo amene anabadwira, ine n'kujambula tchati chake, bwalo la madigiri 360 losonyeza mmene kumwamba kunalili pamene ankalira koyamba.

Ambiri amene amakwera masitepe anga ndi okondana. Amafuna ndisanjikize matchati awo awiri, ndione ngati dzuwa la uyu likukumana ndi mwezi wa uyo, kapena zatalikirana madigiri 120 pamene timati pali mtendere, kapena 90 pamene timati pali makani. Koma zakumwamba sizigwera ndendende pa nambala. Nthawi zonse pamatsala kampata, digiri imodzi, atatu, asanu ndi awiri. Ndiye funso la ntchito yathu yonse ndi ili: mpatawo ukule kufika pati kuti tinenebe kuti ziwirizi zakumana? M'mabuku malire amenewa amawatcha obu. Bambo ankangoti mpata.

Pa tchati cha munthu mmodzi timalolera mpata waukulu. Pa okondana timapanikiza, chifukwa uku zakumwamba zilipo khumi, uko khumi, mawiriawiri ake akwana zana, ndipo ukatayirira upeza kuti aliyense ndi woyenerana ndi aliyense, ngakhale telala uja ndi mlonda wa pachipata. Openda nyenyezi sagwirizana pa nambala yake. Ena amati madigiri atatu, ena asanu kapena asanu ndi imodzi, ena a mtima wofewa amafika asanu ndi atatu kapena khumi ngati ndi dzuwa ndi mwezi. Bambo anga ankati pa dzuwa ndi mwezi malire ndi madigiri asanu ndi maminiti khumi. Maminiti ake si a wotchi, digiri imodzi timaigawa m'maminiti 60. Nambala imeneyi sindinaipezepo m'buku lililonse, koma sindinafunse. Ndinkaganiza kuti munthu amene anapenda matchati zaka makumi anayi anaiyesa pa anthu ambiri mpaka kuipeza, ndipo ndinkaiopa ngati lamulo.

Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndaitsatira osasuntha. Ine sindinyengerera. Anzanga ena pa ntchitoyi akaona mtsikana akulengeza misozi amafutukula malire kuti atuluke akumwetulira, ine ndinkawatcha ogulitsa maswiti. Kwa ine zikapitirira ndi miniti imodzi, mzere wolumikiza ziwirizo pa tchati sindijambula. Ndinkanena mosapsatira kuti apa palibe, ndipo ndinkadzitama nazo.

Mwana wanga ndi mmodzi yekha, bambo ake anatisiya iye ali ndi zaka zinayi. Anakulira pansi pa tebulo langalo, anadziwa kuwerenga madigiri asanadziwe kumanga zingwe za nsapato. Pano amagwira ntchito mufamase ya pachipatala chachikulu, kuwerenga mapilitsi m'timapepala, ndipo kusalakwitsa nambala anatengera ine. Kwa zaka ziwiri wakhala akuyenda ndi mwamuna wina wokonza zikepe za m'nyumba zosanja. Tonse tinkangomutcha Wazikepe. Munthu wofatsa, wa manja akuluakulu okhala ndi girizi m'zikhadabo, amene akabwera kwathu samatha kukhala pansi asanakonze chinachake, chitseko, mpopi, wailesi. Kampani yake inamupatsa ntchito yaikulu mumzinda wina wakutali, ulendo wa masiku awiri pa basi. Anamufunsira mwana wanga ukwati, nati apite limodzi. Ankanyamuka Lolemba, ndipo yankho ankalifuna pofika Loweruka.

Lachitatu masana mwana wanga anakwera masitepe atavala yunifomu yake yoyera, n'kuika mapepala awiri patebulo. Anali atajambula kale yekha. Zinthu zing'onozing'ono zogwirizana zinalipo, zotsutsana zinaliponso, monga mmene zimakhalira kwa aliyense. Koma chachikulu chimene tonse timayamba kuyang'ana, dzuwa la mmodzi ndi mwezi wa mnzake, chinali pomwepo chikundiyang'ana. Dzuwa la Wazikepe linali pa madigiri 9 ndendende m'chigawo cha kumwamba chimene timachitcha Nkhanu. Mwezi wa mwana wanga unali pa 14 ndi maminiti 40 m'chigawo chomwecho. Mpata wake madigiri asanu ndi maminiti makumi anayi. Zinapitirira malire a bambo ndi theka la digiri.

Tinabwereza kawiri, pa kompyuta ndi pamanja. Mwezi umathamanga, umayenda madigiri pafupifupi 13 pa tsiku, ndiye ola lobadwira likalakwika pang'ono zonse zimasintha. Koma ola la mwana wanga silikanalakwika. Ine ndemwe, ndili pabedi la chipatala thukuta lili kamukamu, ndinamukuwira namwino kuti ayang'ane wotchi asanadule mchombo. Dzuwa nalo limayenda digiri imodzi yokha pa tsiku, ndipo Wazikepe anali ndi khadi lake la kuchipatala lolembedwa bwinobwino. Panalibe pothawira.

Mwana wanga anandifunsa ngati mzere ndijambula. Ndinamuuza kuti malire akuwadziwa yekha. Anagwedeza mutu, napinda mapepala ake, nanena kuti Loweruka akamuuza kuti ayi. Sanalire, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kulira. Anatsika masitepe pang'onopang'ono atagwira khoma.

Ndinene chilungamo, ngakhale chikundichititsa manyazi. Pansi pa mtima ndinasangalala. Theka la digiri lija linali kundisungira mwana pakhomo, ndipo sindinafunikire kutsegula pakamwa kumupempha kuti asandisiye ndekha. Ndinkadziuza kuti si ine, ndi nambala.

Lachisanu m'mawa ndinapita kwa amayi kukawapatsa mankhwala awo a miyendo. Amayi anga ali ndi zaka 79, anagwira ntchito yotayipa mu ofesi ya maloya mpaka zala zinauma, ndipo za nyenyezi sanazikhulupirirepo ngakhale tsiku limodzi. Zaka 48 anakhala ndi bambo akuwaseka kuti amalandira malipiro chifukwa chojambula mabwalo. Ndinawapeza pakhonde la nyumba yawo yaing'ono, magalasi ali pamphuno, akusoka batani la juzi. Anali atamva kale, mdzukulu wawo anawaimbira foni. Sanandipatse n'komwe moni wabwino. Anandifunsa kuti kodi mwanayo akukana mwamuna wabwino chonchija chifukwa chiyani, chifukwa pafoni anangomva za theka la chinachake.

Ndinawafotokozera mokwiya pang'ono, monga mmene umafotokozera munthu amene ukudziwa kuti akuseka. Nditatchula madigiri asanu ndi maminiti khumi, amayi anaika singano pansi. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi nthawi yaitali, kenako anayamba kuseka, kuseka kwenikweni mpaka kutsokomola. Ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti angaseke ine koma asaseke ntchito ya malemu.

“Iwe, nambala imeneyo ndine,” anatero akupukuta m'maso. “Zaka zonsezi sunadziwe?”

Sindinamve chimene ankatanthauza, ndiye anandikhazika pampando n'kundiuza. Bambo ali mnyamata anaphunzira ntchitoyi kwa mkulu wina wouma mtima amene malire ake anali madigiri asanu, osawonjezera kanthu. Atayamba kuwafuna amayi, anawafunsa tsiku ndi ola lobadwira, iwo n'kumaganiza kuti mwina akufuna kudzawagulira mphatso. Kenako mnyamata anasowa sabata yathunthu. Atabwera anali atawonda, nkhope ili gwa. Anawauza kuti dzuwa lake ndi mwezi wawo zatalikirana madigiri asanu ndi maminiti khumi, ndipo mwa lamulo la mphunzitsi wake sizikuwerengedwa. Amayi akuti anamuyankha kuti ngati ndi choncho akakwatire mphunzitsi wakeyo, n'kumutsekera chitseko. Patapita masiku atatu anabweranso atavala jekete yobwereka, nanena kuti waganiza mofatsa ndipo wapeza kuti mphunzitsi analakwitsa pang'ono, malire enieni ndi madigiri asanu ndi maminiti khumi.

Makina a m'mutu mwanga anaima. Nambala imene ndinkaiopa, imene ndinabwezera nayo anthu pa masitepe anga kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri, inali mtunda wochokera pa bambo anga kukafika pa mayi uyu wosoka batani. Mnyamata anasuntha mpanda mpaka pamene mtsikana anaima, n'kuukhomera pomwepo.

Ndinayesa kudzigwira. Ndinati chabwino, koma ukwati wawo unakhala zaka 48, ndiye kuti bambo anapeza zoona, mpaka pamenepo zimawerengedwa ndithu. Za mwana wanga zapitirirabe.

Amayi anandiuza kuti ndisathamange, nkhani sinathe. Anadzuka ndi ndodo yawo, nalowa kuchipinda, ndinamva akukoka sutikesi pansi pa bedi akudandaula za msana. Anatuluka ndi kakhadi kachikasu kothothoka m'mbali, khadi lawo lobadwira la kuchipatala. Anati tsiku limene bambo anawafunsa ola, iwo sankalidziwa, ndipo mtsikana wa ku ofesi sakanavomera kuti sakudziwa kanthu pamaso pa mnyamata. Anangotchula 8 koloko m'mawa chifukwa ndi nthawi imene ankayamba ntchito. Ndinayang'ana pakhadipo. Dzanja la namwino wakalekale linalemba 2 koloko masana.

Maola asanu ndi limodzi. Tchati cha bambo ndimachidziwa pamtima, dzuwa lawo lili pa madigiri 12 ndi maminiti 5 m'chigawo cha Ng'ombe. Ndinatulutsa foni, n'kulowetsa tsiku la amayi ndi 8 koloko. Mwezi unagwera pa 17 ndi maminiti 15, mpata wake madigiri asanu ndi maminiti khumi, ndendende nambala ija. Kenako ndinasintha ola kukhala 2 koloko masana. Mwezi unali utapitirira ulendo wake, kutalikira dzuwa la bambo, mpaka pa 20 ndi maminiti 30. Ndinachotsera ndi pensulo m'mphepete mwa pepala la mankhwala. Madigiri asanu ndi atatu ndi maminiti 25.

Akanabwera kwa ine anthu awiriwa, mnyamata wa jekete yobwereka ndi mtsikana wotayipa, ndikanawauza mosaphethira kuti apa palibe. Ndikanawatsitsa masitepe, ndipo ine amene ndikanawatsitsayo sindikanabadwa.

Ndinafunsa ngati bambo anamwalira osadziwa. Amayi anandiuza kuti nditembenuze khadilo. Kuseri kwake kunali pensulo yofufuma, manambala ang'onoang'ono opendekera kumanja amene ndingawazindikire pakati pa anthu chikwi. Bambo anachotsera monga ndinachitira ine, napeza zomwezo, 8 ndi 25. Pansi pake analemba mawu amodzi okha: Ndikuwerenga.

Amayi anati analipeza khadilo m'chaka chachitatu cha ukwati, ine ndili kumsana, pamene ankafuna mapepala ena. Anakhala masiku awiri osalankhula, akudya pang'ono, akungowayang'ana amayi akamadutsa ngati akuona munthu wachilendo m'nyumba. Tsiku lachitatu amayi anatopa nazo, nawafunsa ngati tsopano asunthanso malire aja. Bambo akuti anayankha kuti malire anasuntha kamodzi, kachiwiri anthu awaseka, komanso palibe chifukwa poti munthu wake ali kale mkati.

Ndinakhala pakhondepo khadi lili m'manja, mantha ndi chimwemwe zitandigwira pamodzi. Sindinaleke kukhulupirira kumwamba, ayi. Mwezi unali pamene unali, palibe anaunamiza, ndipo unayenda maola asanu ndi limodzi aja mosalakwitsa ngakhale miniti, moti ine ndi foni yanga ndi bambo ndi pensulo yawo, zaka makumi asanu pakati pathu, tinapeza nambala imodzi. Zimenezo zokha zinandiimitsa tsitsi. Koma kumwambako kulibe mzere. Mzere timajambula ife pansi pano, ndipo aliyense amaujambula ali ndi wina mumtima. Ndinakumbukira nkhope za anthu amene ndinawabweza, mphunzitsi wina wamkazi amene anapitirira ndi maminiti asanu ndi awiri, dalaivala wina amene anandipempha katatu kuti ndiwerengenso. Sindikudziwa kuti anathera kuti, ndipo zimenezo ndidzayenda nazo mpaka kumanda.

Amayi sanandipatse nthawi yolira. Anandilanda khadi lija, n'kundibwezeranso, nati ndilitenge ndipite kwa mwana msanga m'malo mokhala pamenepo kukamwa kuli yasa. Ndikutuluka pageti anandikuwira kuti mankhwala a miyendo ndabwera nawo olakwika.

Pamalo okwerera basi ndinakweza maso mwangozi, ndipo mwezi unali pomwepo masana dzuwa likuswa mtengo, wotuwa, wotsala pang'ono kukwana theka, pamwamba pa denga la sitolo ya matayala. Ndinakumbukira zimene ndimadziwa kuyambira ndili mtsikana koma sindinaziganizirepo bwino, kuti mwezi wathunthu tikamauona kumwamba, kukula kwake kuchokera mbali iyi kufika mbali iyo ndi theka la digiri basi. Ndinatambasula mkono, n'kuuphimba wonse ndi nsonga ya chala chaching'ono, malo n'kutsalako. Mayi wina amene anaima pambali panga anasuntha chikwama chake n'kuchiika mbali ina.

Ndinafika kuchipatala nthawi ya nkhomaliro. Pawindo la famase panali mzere wa anthu atanyamula timabuku tawo, ndipo mwana wanga anali kuseri kwa galasi akuwerenga mapilitsi ndi kasupuni, maso ali otupa. Atandiona anadabwa, chifukwa sindipita kuntchito kwake. Anamupempha mnzake kuti amugwirire, natuluka. Tinakhala pabenchi ya simenti pafupi ndi malo oimikapo maambulansi.

Ndinamupatsa khadi la agogo ake aakazi n'kumuuza zonse, za mphunzitsi wouma mtima, za jekete, za 8 koloko. Anachotsera yekha pa foni yake, monga mwana wanga, osakhulupirira mawu anga. Atatembenuza khadi n'kuona dzanja la agogo ake aamuna, anagwira pakamwa. Kenako anandifunsa motsitsa mawu kuti ndiye malire enieni ali pati.

Ndinamuuza kuti sindikudziwa, ndipo aka kanali koyamba kunena mawu amenewa pa ntchito yanga. Ndinati malire akufunika ndithu, chifukwa popanda iwo tchati sichinena kanthu, koma agogo ake aamuna anawaika pamene panaima munthu amene ankamufuna, ndipo atapeza kuti munthuyo anaima patali kuposa pamenepo, anamuwerengabe.

Anatulutsa m'thumba la yunifomu mapepala awiri aja. Anali akuyenda nawo kuyambira Lachitatu, atafewa ndi kupindapinda. Anawayala pabondo, koma sanandipatse.

“Amayi, mukajambula mzerewu ndipita,” anatero. “Masiku awiri pa basi. Mutsala nokha m'nyumba muja. Mukudziwa zimenezo?”

Apa ndi pamene ndinazindikira kuti naye anali kubisala kuseri kwa theka la digiri lomwelo, osati chifukwa choopa mwamunayo koma chifukwa cha ine. Tonse awiri tinali kuigwiritsa ntchito nambala ya bambo kuti tisanene zimene zinali pamtima. Ndinamuuza kuti ndikudziwa. Ndinamuuzanso zochititsa manyazi zija, kuti Lachitatu atatsika masitepe ine ndinasangalala, ndipo andikhululukire. Ndinamufunsa funso limene ndinayenera kumufunsa tisanatsegule buku lililonse, ngati Wazikepe amamufuna.

“Ndimamufuna, amayi. Kwambiri.”

Ndinatenga mapepala aja. Rula ndinalibe, ndiye ndinagwiritsa ntchito m'mphepete mwa khadi la amayi. Ndinajambula mzere kuchokera pa dzuwa la mwamunayo kukafika pa mwezi wa mwana wanga, kamzere kakafupi kwambiri, ndipo pambali ndinalemba 5 ndi 40. Pensulo inaboola pepala chifukwa ndinakanikiza kwambiri.

Anandikumbatira mpaka magalasi anga anagwa. Kenako anaimirira, natulutsa foni, nayenda kukaima kuseri kwa ambulansi kuti ndisamve. Ndinamuona akuyamba kulankhula atagwira chipumi, kenako akuseka, kenako akupukuta m'maso ndi mkono wa yunifomu. Ine ndinatola magalasi anga, n'kukhala pabenchipo ndikulira poyera ngati mwana, anthu odwala akundiyang'ana mwachifundo poganiza kuti ndalandira uthenga woipa. Atamaliza anabwera akuthamanga, nandifunsa ngati sutikesi yaikulu ija ya pamwamba pa kabati ikadatsekeka bwino. Ndinamuuza kuti zipi yake inaduka, koma ndikamupatsa telala lero lomwe.